Intaneti ikamadukaduka pa bizinesi: kuimba foni, kulemba kalata, kapena kukasuma?

Ndili ndi ofesi yaying'ono yomwe ntchito yake yonse imadalira intaneti. Makasitomala amatitumizira ntchito pa imelo, ife timabweza pa imelo, ndipo malipiro ambiri amadutsa momwemo. Mwezi wina intaneti inaduka kasanu, nthawi zonse masana ntchito ili mkati: maola awiri, kenako asanu, atatu, anayi, ndi ena anayi. Onse pamodzi ndi maola 18. Pofuna chipukuta misozi kwa kampani ya intaneti ndinayesa foni ndi kalata, ndipo njira yokasuma ndinaifufuza mpaka kufika pakhomo pake. Njira zitatuzi sizigwira ntchito imodzi, ndipo ambiri timataya ndalama chifukwa choyembekezera kwa foni zinthu zimene ndi kalata yokha ingabweretse.

Foni ili ndi ubwino umodzi waukulu: imatsegula tikiti. Mukaimba, amene wayankha amalemba vuto lanu m'kompyuta ndipo limalandira nambala. Makampani ambiri amayamba kuwerengera nthawi ya vuto pamene tikitiyo yatsegulidwa, osati pamene intaneti inadukira. Izi ndinazimva kuwawa. Pa maulendo asanu aja ndinaimba katatu, pa la maola awiri, la asanu ndi limodzi la anayi. Maulendo awiri otsalawo ndinangodikira, poganiza kuti akudziwa kale. Choncho m'mabuku mwawo munali maola 11, ndipo maola 7 anali ngati sanachitike n'komwe. Ndiye ikangoduka imbani nthawi yomweyo, ndipo musadule foni asanakuuzeni nambala ya tikiti. Macheza olemberana pa foni ndi ogwira ntchito a kampaniyo amachita zomwezo, ndipo amaposa pang'ono chifukwa zolembedwazo zimatsala ndi nthawi yake, bola muzijambule.

Koma mphamvu ya foni imathera pomwepo. Amene amayankha mafoni kawirikawiri alibe chilolezo chochotsera ndalama pa bilu. Iye amapepesa, n'kukuuzani kuti muzimitse rauta ndi kuiyatsanso, n'kulonjeza kuti akatswiri abwera. Si kuipa mtima, ndi pomwe udindo wake walekezera. Kumukalipira n'kungomupweteka munthu yemwe sangasinthe kanthu. Vuto lina n'lakuti tikiti iliyonse imatsekedwa intaneti ikangobwerera, ndiye palibe amene amaona kuti mwezi umodzi zachitika kasanu. Kwa iwo ndi timavuto tosiyanasiyana tomwe tonse tinatha bwino.

Kalata ndi yomwe imasonkhanitsa timavuto timeneti kukhala nkhani imodzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. Imelo yopita ku nthambi ya madandaulo ndi yokwanira, chachikulu n'chakuti ikhale ndi tsiku ndipo inu musunge yanu.

Musanalembe, tsimikizani kuti vuto si la m'nyumba mwanu, chifukwa yankho loyamba lomwe mudzalandire ndi lakuti rauta yanu kapena mawaya anu ndiwo olakwa. Intaneti ikaduka, lumikizani kompyuta ku rauta ndi waya, n'kulemba malamulo awiriwa mu Command Prompt kapena Terminal, limodzi pambuyo pa linzake:

```
ping 192.168.1.1
ping 8.8.8.8
```

Nambala yoyambayo ndi adilesi ya rauta. Marauta ambiri amagwiritsa ntchito imeneyi, koma yanu ikakhala ina, nthawi zambiri imalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwake. Yachiwiriyo ndi seva ya Google yomwe ili kunja kwa netiweki yanu. Ngati rauta ikuyankha koma ya kunjayo ili chete, ndiye kuti pakati pa kompyuta ndi rauta zili bwino, vuto lili kuyambira pa rauta kupita kunja. Zonse ziwiri zikakhala chete, yambani mwafufuza waya ndi magetsi anu musanaloze chala wina. Amene muli pa faiba, yang'ananinso kabokosi komwe kanamangidwa pakhoma. Nyali yolembedwa LOS ikayaka kapena kuphethira mofiira, ndiye kuti kuwala kochokera kwa kampani sikukufika, ndipo kuzimitsa rauta kakhumi sikungathandize. Ijambuleni nyaliyo, chithunzicho chimasunga tsiku ndi nthawi. Kwa ine zithunzi zimenezi ndi zimene zinapulumutsa maola 7 aja omwe ndinalibe tikiti yake.

Kenako werengani pangano lanu, ngakhale zilembo zake zikhale zazing'ono bwanji. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa intaneti ya pakhomo ndi ya bizinesi. Ya pakhomo kawirikawiri ilibe lonjezo lililonse la maola, imangoti kampani idzayesetsa. Ya bizinesi nthawi zina imakhala ndi gawo lolembedwa SLA, pomwe kampani imalonjeza mlingo weniweni wa nthawi yomwe intaneti izikhala ikugwira ntchito. Mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720. Akalonjeza 99.9 peresenti, ndiye kuti intaneti isaduke kupitirira mphindi pafupifupi 43 pa mwezi. Akati 99.5 peresenti, malire ake ndi maola atatu ndi mphindi 36. Pa gawo lomwelo onani zinthu ziwiri: ngati nthawi yokonza zinthu yomwe analengezeratu imachotsedwa pa chiwerengero, komanso masiku omwe muli nawo oti mupemphe kubwezeredwa. Mapangano ambiri otere sabweza okha, amafuna kuti mupemphe, ndipo nthawiyo ikadutsa mwataya.

Funso lovuta ndi lakuti m'kalatamo mupemphe chiyani. Pano palinso zosankha zitatu zomwe zimalimbirana malo.

Chimene mtima umafuna ndi ndalama za phindu lomwe linatayika. Inenso ndinayambira pamenepo, chifukwa ntchito ina inandipulumuka tsiku la maola asanu lija. Koma pafupifupi pangano lililonse la intaneti lili ndi chiganizo chonena kuti kampani siidzalipira phindu lotayika kapena makasitomala othawa. Ngati mukuchitira bizinesi pa intaneti ya pakhomo, mwayi wanu umachepanso kwambiri. Mukaika pempho limeneli patsogolo, mumawapatsa yankho lophweka: amangotchula chiganizo chija, nkhani n'kutsekedwa, pamodzi ndi zina zomwe mukanapeza. Zotayikazo zitchuleni ndithu, mwachidule, kuti aone kukula kwa vuto, koma zisakhale mutu wa pempho.

Chachiwiri ndi kuchotseredwa pa bilu nthawi yomwe simunalandire chimene munalipira. Ili ndi pempho lomwe n'lovuta kulikana, koma masamu ake amakhumudwitsa. Maola 18 pa maola 720 ndi 2.5 peresenti ya bilu. Maola 11 omwe iwo anavomereza poyamba sankafika ngakhale mtengo wa theka la tsiku. M'kalata yanga ndinawerengera mwa njira ina. Ofesi imagwira maola 9 pa tsiku, masiku 26 pa mwezi, omwe ndi maola 234. Maola 18 pa amenewo ndi pafupifupi 7.7 peresenti, kapena kuti masiku awiri athunthu a ntchito. Pangano silinkawakakamiza kuvomereza kuwerengera kotere, ndipo ndinalemba poyera kuti ndi pempho langa. Komabe zinathandiza, chifukwa amene akuwerenga madandaulo amafuna chifukwa chomveka choti akapereke kwa abwana ake. Ndinaikaponso ma risiti a deta ya pa foni yomwe ndinagula kuti ntchito isaime. Imeneyi ndi ndalama yooneka, ya tsiku lomwelo, yosafuna kutsutsana.

Chachitatu ndi chomwe anthu ambiri amachiiwala, ndipo kwa ine ndi cha mtengo kuposa zonse: kupempha kuti afotokoze gwero la vuto, anene tsiku lomwe adzakonze, ndipo alembe kuti likabweranso mukhoza kutuluka m'pangano popanda chindapusa. Ngati munasaina pangano la chaka kapena zaka ziwiri, chindapusa chotulukira msanga chimatha kukhala ndalama za miyezi yonse yotsala. Ufulu wochoka umaposa kutali masiku ochepa aulere, ndiponso umafulumizitsa akatswiri, chifukwa tsopano kampani ili ndi chotaya.

Kalata yanga inali ya tsamba limodzi. Pamwamba nambala ya akaunti, kenako mzere umodzi pa kuduka kulikonse: tsiku, nthawi yodukira, nthawi yobwerera, nambala ya tikiti kapena chithunzi. Ndinatchula gawo la pangano lomwe ndinatsamira, n'kulemba zopempha zanga, n'kuwapatsa masiku 14 oti ayankhe. Mawu aukali ndinawachotsa onse nditaiwerenganso m'mawa mwake. Bilu ndinapitiriza kulipira. Ndikudziwa kuti zimapweteka, koma mukasiya kulipira amakudulani, ndipo nkhani imasanduka ya ngongole yanu m'malo mwa kulephera kwawo.

Anayankha tsiku la 12. Katswiri anabwera n'kupeza kuti polumikizira faiba panja panali posamangika bwino. Vutoli likanaoneka kalekale wina akanaika matikiti onse pamodzi. Anandichotsera masiku asanu pa bilu, anabweza ndalama za deta, ndipo analemba kuti vutolo likabwereranso m'miyezi itatu ndikhoza kuchoka kwaulere. Za ntchito yomwe inandipulumuka sanatchulepo chilichonse, monga ndinkayembekezera.

Nanga kukasuma? Mayiko ambiri ali ndi bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, kapena ofesi yoteteza ogula, ndipo kudandaula kumeneko kawirikawiri n'kwaulere. Mphamvu yake ndi yakuti kampani siingangokhala chete. Kufooka kwake ndi nthawi, chifukwa zimatenga masabata kapena miyezi. Komanso nthawi zambiri amayamba akufunsani ngati munadandaula kaye kwa kampaniyo, ndipo amafuna kuona kalata ndi yankho lake. Wopita kumeneko ndi nkhani ya pakamwa yokha amabwezedwa kuti akayambe kulemba. Ena amathamangira kulemba pa masamba a mchezo kuti kampani ichite manyazi. Zimenezi zimabweretsa yankho msanga, nthawi zina tsiku lomwelo, koma yankholo limakhala lokuitanirani kuseri kuti mutsegule tikiti ina. Khoti ndi la amene ali ndi SLA yolembedwa ndiponso ndalama zambiri zomwe zikukanidwa, ndipo pamenepo ndi bwino loya awerenge panganolo musanaponde.

Ineyo bungwe loyang'anira ndinangolitchula mu mzere womaliza wa kalata, kuti masiku 14 akatha opanda yankho ndipititsa nkhaniyo kumeneko pamodzi ndi umboni womwewo. Sindinafikeko. Panopa ndimasunga kabuku pafupi ndi rauta, ndipo aliyense mu ofesi amadziwa kuti ikaduka alembe nthawi, ajambule nyali, aimbe foni ndi kulemba nambala ya tikiti asanayatse deta ya pa foni.