Kauntala ya Geiger ndi yabwino koma ikachulukiridwa imabisa makaunti

Nyenyezi 4. Kauntala iyi yoyezera rediyeshoni tinagulira labu ya fizikisi kuno ku Kasungu ndipo pa ntchito zing'onozing'ono ilibe vuto, batile imakhalitsa, kuwerenga bakigilaundi ili bho. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa kabuku kake sikatchula olo pang'ono dedi taimu ya chubu, kanthawi komwe chubu imakhala yosaona ikangowerenga kaunti imodzi, komanso nambala ya cps, makaunti pa sekondi, yomwe imaoneka pa sikilini ndi yosakonza.

Nkhani yake ndi iyi, kanthu ka rediyeshoni kakalowa mu chubu mpweya wam'katimo umayaka mozungulira kawaya kapakati, maelekitironi amathamanga koma maayoni ndi olemera amachoka pang'onopang'ono, ndiye akadali pamenepo mphamvu ya magetsi pa kawayapo imatsika ndipo china chikalowa nthawi imeneyo sichiwerengedwa. Ngati kalaliki wolemba mabelo a fodya, akawerama kulemba limodzi ena awiri adutsa osawaona.

Dedi taimuyo ndinayeza ndekha ndi masosi awiri omata a rediyeshoni. Loyamba palokha 210 cps, lachiwiri palokha 190, onse pamodzi mukanayembekeza 400 koma inapereka 385. Chonde poika lachiwiri musasunthe loyamba olo pang'ono, kusiyana kwake ndi 15 yokha ndiye sosi ikangosendera pang'ono zonse zalakwika, komanso werengani nthawi yaitali ndithu osati masekondi khumi ayi. Masamu ake, τ ndi dedi taimu, m1 ndi cps ya loyamba, m2 ya lachiwiri, m12 ya onse pamodzi:

τ ≈ (m1 + m2 − m12) / (2 × m1 × m2)

15 kugawa ndi 79,800 ikubwera 0.00019, tingoti sekondi 0.0002, yomwe ndi mamayikulosekondi 200, za machubu amtunduwu sizachilendo.

Mukaipeza τ kukonza sikuvuta, n = m / (1 − mτ), m ndi zomwe mwawerenga, n ndi zenizeni. Pa 100 cps zenizeni ndi 102, palibe chodandaula. Koma pa 1,000 cps mτ ndi 0.2, kutanthauza kuti pa sekondi iliyonse gawo limodzi mwa magawo asanu chubu inali yosaona, ndiye 1,000 kugawa ndi 0.8 ndi 1,250. Makaunti 250 pa sekondi akusowa ndipo makina ali phee osakuchenjezani! Nchifukwa chake ana akamajambula gilafu ya cps ndi mtunda imagona pafupi ndi sosi, mukafupikitsa mtunda ndi theka nambala osakwera kanayi.

Kupitirira pamenepo ine fomulayi sindiidalira, mτ ikadutsa 0.2 kapena 0.3 kalakwidwe kakang'ono ka τ kamakula kwambiri. Choopsa zedi nchoti makauntala ena akachulukiridwa kwambiri nambala imayamba kutsika m'malo mokwera, munthu nkumaganiza kuti pali bata pomwe mpamene pali moto. Mukaona mukuyandikira sosi koma nambala yaima kapena ikutsika, bwererani m'mbuyo msanga, muyezere patali pomwe cps ili pansi pa 500 kenako mukonze ndi fomula ija.

Aphunzitsi gulani, koma funsani ogulitsa akuuzeni τ ya chubu musanalipire.