Clip Fix, De-clip ndi adeclip: iti imabwezadi mawu ofuula omwe anaphwanyika pojambula?

Anzanga atatu andifunsa funso lomweli mwezi uno wokha, ndiye ndaona kuti ndingoyankha pamodzi. Munthu wafuula pa maikolofoni, levulo inali pamwamba, mawu atuluka ophwanyika ngati akudutsa m'chitini chong'ambika. Kodi akonzedwe ndi pulogalamu iti?

Ndiyambe ndi chomwe chinandipsetsa mtima. Tinkajambula sewero la mawu, ndipo pa gawo la mkangano mnyamata wosewera bambo wolusa anakuwa mosayembekezeka. Levulo tinali titayiika pomwe ankayankhula chapansipansi poyeserera. Masekondi 40 onse anawonongeka, mwini mawuyo n'kukhala atapita kale kutali. Chifukwa cha phuma ndinagula pulagini ina yomwe ankaitama kuti imakonza zonse ndi batani limodzi. Dzina lake sinditchula. Nditadina batanilo mawu anafewa ndithu, koma nditakulitsa chithunzi cha mafunde ndinapeza nsonga zili zodulidwa momwe zinalili. Inangotsitsa voliyumu n'kuchepetsa mawu akuthwa, basi. Gawo lokonzadi nsonga linali mu mtundu wina wolipira padera, zomwe sanazinene poyera. Mpaka lero ndikaona pulogalamu ya batani limodzi ndimailambalala.

Paja kutsitsa voliyumu sikubweza chilichonse. Rekoda ili ndi denga lomwe funde silingapitirire, ndipo gawo lomwe likanadutsa dengalo silinalembedwe n'komwe. Chotsala ndi mzere wathyathyathya pamwamba, wokhala ndi ngodya zakuthwa uku ndi uku, ndipo ngodyazo ndi zomwe zimabala kukhadzula komwe timamva kuja. Pulogalamu yokonza imayang'ana momwe funde linkakwerera lisanadulidwe ndi momwe likutsikira pambuyo pake, kenako n'kupeka nsonga yosowayo. Choncho chilichonse chimadalira kuti yazindikira bwino pomwe kudulidwa kwayambira.

Clip Fix ya mu Audacity, pulogalamu yojambulira ndi kukonzera mawu, ndi yaulere ndipo ndimaikonda, ndisabise. Ili ndi zosintha ziwiri zokha. `Threshold of Clipping (%)` imayambira pa 95, kutanthauza kuti sampulo iliyonse, kadontho kamodzi mwa timadontho tomwe timapanga funde, yofika pa 95 peresenti ya nsonga yayitali kwambiri m'chigawo chomwe mwasankha imatengedwa ngati yodulidwa. Chinacho chimatsitsa mawu, poyambira ndi -9 dB, kuti nsonga zobwezedwa zipeze malo. Imalumikiza mbali ziwiri za mpata womwe nsonga yodulidwa yasiya ndi mzere wokhota, ndipo pa mipata yaifupi khutu silizindikira kuti panali vuto.

Pa fayilo yanga ija panali msampha. Mawu sanaphwanyikire pa 0 dB, lomwe ndi denga la rekoda lija, anaphwanyikira m'chokuzira mawu cha maikolofoni asanafike posandulika manambala, ndiye Audacity sinaonetse mizere yofiira yosonyeza kudulidwa ngakhale umodzi. Nsonga zam'mwamba zinadulidwa pa -1.2 dB, zam'munsi pa -2.0 dB. Malire a 95 peresenti ali pafupifupi theka la dB pansi pa nsonga yayitali, choncho Clip Fix inakonza zam'mwamba zokha, zam'munsi osazikhudza. Mawu anamveka ngati akonzedwa theka, zomwe zinali zoona ndithu. Nditatsitsa malire kufika pa 90 inagwira mbali zonse, koma mtengo wake unali woti kumwamba inataya masampulo abwinobwino n'kuyamba kupeka mpata wautali kuposa womwe unalipo. Chinanso chomwe ndinaphunzira mochedwa: musamasankhe fayilo yonse. Kugunda kumodzi kwa chitseko kotalika kuposa nsonga zodulidwa kumakweza malire, pulogalamu n'kuona ngati palibe chokonza. Sankhani chiganizo chimodzichimodzi.

Apa ndi pomwe De-clip ya mu iZotope RX imapambana, ngakhale ndi yogula. Imakuonetsani chithunzi cha momwe masampulo aunjikirana pa levulo iliyonse, ndipo pomwe mawu anadulidwa pamaoneka mulu woonekeratu. Mumangoika malire pang'ono chabe pansi pa muluwo. Chachikulu n'chakuti malire am'mwamba ndi am'munsi mutha kuwalekanitsa. Pa fayilo yanga ndinaika -1.3 dB kumwamba ndi -2.1 dB kumunsi, palibe sampulo yabwino yomwe inatayika pachabe. Batani la `Suggest` limakupatsani poyambira, koma ndimaonanso ndi maso anga. Kusiyana kwake ndi Clip Fix kunamveka kwambiri pa mavawelo otalika, pomwe mnyamata uja ankakoka "aaa" wa ukali. Kumeneko Clip Fix inasiya kakulira kena ngati ka njuchi, De-clip inakachotsa pafupifupi konse.

Chifukwa chake chili m'kutalika kwa mpata. Pa 48 kHz, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi lili ndi masampulo 48. Mwamuna akamakuwa mawu ake amakwera, tinene kufika pa 250 Hz, ndiye funde limodzi limatenga masampulo 192. Mzere wathyathyathya ukakhala wa masampulo asanu kapena khumi, funde limakhala litangotsala pang'ono kukhota, kupeka kwake n'kosavuta. Ukafika masampulo 60, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a funde lonse lapita, ndipo mkati mwa mpatawo munali timafunde ting'onoting'ono tomwe timasiyanitsa "a" ndi "e". Mzere wokhota umodzi sungatibweze. Ndiye musanagule kanthu, kulitsani chithunzi mpaka timadontho ta masampulo tioneke, muwerenge. Akakhala ochepa, Clip Fix yakwana, sungani ndalama zanu.

Yachitatu ndi `adeclip` ya mu ffmpeg, pulogalamu yomwe mumailamula pochita kulemba, yaulere nayonso, yoyenera wokhala ndi mafayilo ambiri:

```
ffmpeg -i mawu.wav -af "adeclip,volume=-9dB" -c:a pcm_s24le okonzedwa.wav
```

Imapeka nsonga potengera momwe funde lakhala likuyendera m'kachigawo kozungulira, osati madontho a m'mbali mwa mpata okha. Kuipa kwake mumagwira ntchito mumdima, simuona chomwe yagwira mpaka mutatsegula zotsatira m'pulogalamu ina. Ndimaigwiritsa ntchito pa zokambirana zazitali zomwe munthu wangokweza mawu apo ndi apo, osati pa sewero.

Pali mafayilo omwe zitatu zonsezi zimagonja. Ngati wina anasandutsa kale mawuwo kukhala MP3, kapena anawatumiza kudzera pa pulogalamu ya mauthenga yomwe imawapanikiza, mzere wathyathyathya uja umasanduka wamanomano ndipo malire sadziwikanso bwino. Funsani fayilo yoyambirira ya WAV. Chimodzimodzi ngati mwayamba mwachotsa phokoso kapena kusintha EQ, yomwe imakweza kapena kutsitsa mabesi ndi mawu akuthwa: zimenezo zimapinda nsonga zodulidwa, kuphwanyika n'kutsala m'mawu koma chizindikiro chake chitafufutika. Kukonza nsonga kukhale koyamba, zina zonse pambuyo.

Ineyo, pa mipata yaifupi yodulidwa mofanana mbali zonse, sindichoka pa Clip Fix. Pa kukuwa kwenikweni, makamaka kodulidwa mosiyana kumwamba ndi kumunsi, De-clip ndiyo inapulumutsa masekondi 37 mwa 40 anga aja. Atatu otsalawo anali liwu limodzi loti "Choka!" lomwe mipata yake inkaposa masampulo 70. Limenelo ndinalitenga pa maikolofoni ya wosewera mnzake yomwe inali chapatali, n'kulisokerera pamalopo.