Miyezi 8 ndi laputopu yogwiritsidwapo kale: vuto linali dalaivala wa waifai

"Achimwene, laputopu ija ikugwirabe bwino? Wogulitsa yemwe uja akuti andiikiretu pulogalamu yodzisakira yokha madalaivala, ine ndizingolipira pachaka. Ndivomere?"

Musavomere, achimwene. Laputopu yake njabwino ndithu. Patha miyezi 8, kiyibodi ilibe batani lomwe lafa, sikirini ikuwala bwino, ndipo batire likusungabe moto pafupifupi maola atatu. Chomwe chandisautsa nthawi yonseyi ndi waifai basi, ndipo gwero lake linali pulogalamu yomwe akufuna kukugulitsaniyo.

Dalaivala ndi kapulogalamu komasulira pakati pa Windows ndi chipangizo chimodzi cha mkati mwa kompyuta. Windows imangolamula kuti "tumiza uthengawu" kapena "gona tsopano", ndiye dalaivala amasandutsa lamulolo kukhala zomwe kachipangizoko kamamva. Madalaivala ambiri amagwira ntchito mkati mwenimweni mwa Windows, osati pambali ngati mapulogalamu wamba. Pulogalamu yolembera makalata ikalakwitsa imangotsekeka yokha, koma dalaivala akalakwitsa kompyuta yonse imagwa naye limodzi.

Vuto linkabwera motere. Laputopu ikangoyatsidwa kumene, waifai inkagwira tsiku lonse osadukiza. Koma mukatseka chivundikiro kuti igone, n'kuitsegulanso patapita nthawi, chizindikiro cha waifai chinkasowa ngati mulibemo kachipangizo kake. Kamodzi kapena kawiri pa sabata inkalephera n'kudzuka komwe: sikirini inkasanduka yabuluu ndi mawu akuti DRIVER_POWER_STATE_FAILURE, kenako n'kuyambiranso, ntchito yomwe sinasungidwe n'kutayika. Mawu amenewo amatanthauza kuti Windows inauza chipangizo china kuti chigone kapena chidzuke, dalaivala wake osayankha pa nthawi yake. Wogulitsa atamva anati kachipangizo ka waifai kapsa, ndigule kena. Koma chinthu chakupsa sichigwira ntchito maola 10 osavuta n'kumangofa chikagona. Vuto lobwera pa chochitika chimodzi chokha, ngati kugona, kudzuka kapena kulumikiza sikirini yachiwiri, nthawi zambiri limakhala la dalaivala.

Kuti mutsimikize, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani devmgmt.msc, ndipo mutsegula Device Manager. Pansi pa Network adapters, kachipangizo ka waifai kankaonetsa chizindikiro chachikasu, ndipo mu Properties munkalembedwa Code 10, kutanthauza kuti kalephera kuyamba. Mukaona Code 28 ndiye kuti dalaivala palibiretu, pomwe Code 43 ndiye kuti Windows yakaimitsa chifukwa kanena kuti kali ndi vuto. Kenako pitani pa Details, sankhani Hardware Ids. Muona mzere woyamba ndi PCI\VEN_ wotsatiridwa ndi manambala. Zilembo zinayi za pambuyo pa VEN zimatchula kampani yopanga kachipangizoko: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom. Za pambuyo pa DEV zimatchula mtundu wake weniweni, ndipo za SUBSYS zimasonyeza momwe kanakonzedwera makina amenewo. Mzere umenewu ndi wofunika chifukwa malaputopu awiri a dzina limodzi amatha kukhala ndi tizipangizo ta waifai tosiyana.

Apa m'pomwe panaonekera cholakwa. Pulogalamu ija inaika dalaivala wa kampani yolondola, wa tsiku laposachedwa, koma sanali uja amene opanga laputopu anamuyesa pa mtundu umenewu. Ankagwira pa zonse kupatula pa kugona ndi kudzuka. Mapulogalamu otere amangoyang'ana tsiku, n'kuyesa chilichonse chakale kuti chatha ntchito. Amafika poopseza munthu ndi madalaivala a Microsoft olembedwa 21 Juni 2006, chikhalirecho tsikulo linaikidwa dala kuti dalaivala wa opanga chipangizo azisankhidwa patsogolo akakhalapo.

Malo otengako madalaivala mosaopa alipo atatu. Koyamba ndi Windows Update. Pa Windows 11 ena amakhala pa Advanced options, kenako Optional updates. Kwachiwiri ndi webusaiti ya opanga laputopu, komwe mumalemba nambala ya makina yomwe ili pa kapepala ka kunsi kwake. Pa laputopu kumeneku n'kodalirika kwambiri pa waifai, zokuzira mawu ndi posisitira chala. Kwachitatu ndi webusaiti ya opanga kachipangizoko, ngati malo awiri oyambawo alibe. Adiresi muzilemba nokha, chifukwa zotsatira zoyambirira mukasaka pa intaneti zimatha kukhala zotsatsa za anthu ena. Ndipo aliyense wokuuzani kuti muzimitse chitetezo cha siginecha, chidindo chotsimikizira gwero la dalaivala, kuti alowe, mukanireni. Windows ya 64-bit imakana dalaivala wopanda siginecha chifukwa akalowa amakhala ndi mphamvu pa kompyuta yonse. Mukaona mawu akuti Test Mode pakona ya sikirini, dziwani kuti wina anatsegula kale khomo limenelo.

Kukonza kwake kumafuna kutsata ndondomeko, apo ayi dalaivala woipayo amabwerera. Yambani n'kukopera dalaivala wolondola, mumusunge pa fulashi, chifukwa mukachotsa wakale intaneti idzaduka. Kenako chotsani pulogalamu yosaka madalaivala ija, popeza imabwezeretsa zomwe mwachotsa. Yesani batani la Roll Back Driver pa tsamba la Driver mu Properties muja. Pa laputopu iyi linali lotuwa, kusonyeza kuti dalaivala wam'mbuyo sanasungidwe. Zikatero, kudina Uninstall device pakokha sikukwanira, chifukwa Windows imasunga madalaivala onse m'nkhokwe yake ndipo mukayatsanso imatenga yemwe uja. Tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, n'kulemba izi umodziumodzi:

```
pnputil /export-driver * D:\zosunga
pnputil /enum-drivers
pnputil /delete-driver oem23.inf /uninstall
```

Mzere woyamba umakopera madalaivala onse oikidwa kuchokera kunja mu foda ya zosunga pa fulashi, kuti mukhale ndi pobwerera; fodayo muyambe mwaipanga, ndipo pamalo pa D mulembe chilembo cha fulashi yanu. Wachiwiri umawandandalika. Fufuzani wa waifai poyerekeza dzina la kampani, tsiku ndi nambala ndi zomwe munaona pa tsamba la Driver. Dzina loti oem23.inf n'la pa makina ano okha; kwanu lidzakhala lina, ndipo mukachotsa lolakwika mutha kuzimitsa chipangizo china. Mukatha, yatsaninso laputopu, ikani dalaivala wa pa fulashi, yatsaninso kachiwiri, kenako igonekeni ndi kuidzutsa kasanu motsatizana.

Papita masabata 6 chikonzereni, waifai sinasowepo ndipo sikirini yabuluu sinabwerenso. Nambala ya dalaivala amene akugwira bwinoyu ndi yakale poyerekeza ndi ya uja wochotsedwa.

Ndikamaigwiritsa ntchito tsopano ndimaona kuti mtengo wa laputopuyi unali woyenera. Mtima umawawa ndikakumbukira ndalama zina zomwe zinapita pachabe: malipiro a chaka a pulogalamu ija, ndi kawaifai kobaya pa USB komwe wogulitsa anandigulitsa vuto litangoyamba. Atamva gwero la vuto anavomera kulandiranso kawaifaiko n'kubweza ndalama zake, koma za pulogalamu anakana, akuti iyeyo sanaipange. Ngati mukugula kwa iye, gulani makina okhawo. Muuzeni aike Windows yopanda zowonjezera, tsegulani Device Manager iye akuona, ndipo tsekani chivundikiro n'kuchitsegula kangapo musanapereke ndalama.