"Per my last email" kapena kungonenanso tsikulo?

Tinene kuti munalembera mnzanu wa kuntchito Lolemba kuti lipoti likufunika Lachinayi, ndiye Lachitatu akufunsanso tsiku.

Mukayankha kuti "Per my last email", mawuwo amaoneka aulemu koma iye amamva kuti mukumunena kuti sawerenga. Choipa china n'chakuti tsikulo simunalitchule, ndiye ayambe kufufuza imelo yakale ali wokhumudwa. Mukaikanso abwana pa CC, ndiye kuti mwamuneneza.

Njira inayo ndi kulemba kuti "The report is due Thursday at 10:00", n'kumata kachiwiri fayilo yomwe munamutumizira Lolemba. Apa yankho lili poyera ndipo palibe woimbidwa mlandu.

Musanatumize, fufutani chiganizo chomwe mukuchikayikira. Ngati tsiku, ola ndi pempho zikadalipo, chiganizocho chinali chongobaya mnzanu, chisiyeni chofufutidwa.