Chithunzi chimodzi cha mjigo, njira ziwiri

Injiniya wathu analemba pa chithunzi chake: "yield 0.25 L/s". Tinkakaonetsa mafumu ku Chingale, kuno ku Zomba.

Njira yoyamba yowafotokozera ndi kungomasulira: mjigo umatulutsa madzi okwana kota ya lita pa sekondi. N'zoona ndithu, koma palibe amene amatunga madzi ndi wotchi m'manja. Mafumu amangogwedeza mutu mwaulemu, osafunsa kanthu, ndipo pamenepo mumadziwa kuti sizinamveke.

Yachiwiri ndi kuwerengeranso ndi ndowa ya malita 20. Imadzaza m'masekondi 80, ndiye kuti ndowa 45 pa ola. Apa mafunso amabwera: "Nanga mu Okutobala?" Ine ndimakonda njira iyi, koma ili ndi msampha. Ndowa 45 zikutanthauza kupopa osapuma, osasinthana, choncho pa chithunzipo lembani "zosapitirira 45".