Yosanja yanga ya makoma osenza okha ku Ulongwe, itaona mvula kawiri

"Achimwene, ndikufuna kumanga yosanja pamalo anga aja ku Domwe. Mmisiri wina akuti makoma a njerwa atha kusenza okha, wina akuti popanda mizati ya konkire idzagwa. Yanu ija ikuchita bwanji?"

Ikuchita bwino achimwene, ndipo ndikanati ndimangenso nyumba yogona ngati yomweyi, ndikanatsata njira yomweyo. Koma musathamangire kunditsanzira musanamve zimene nyumbayi yandiletsa kuchita, chifukwa mwina zanu n'zosiyana ndi zanga.

Yangayi ili chonchi. Makoma a pansi ndi a m'mwamba ndi a njerwa zootcha, onenepa masentimita 23, ndipo pakati pake pali silabu ya masentimita 12. Chipinda chachikulu kwambiri ndi cha mamita 3.6 m'lifupi. Injiniya amene anajambula pulani yopita nayo ku munisipiyo anaumirira chinthu chimodzi: khoma lililonse la m'mwamba likhale ndendende pamwamba pa linzake la pansi, mawindo nawonso ayang'anane chimodzimodzi. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati akungovuta, popeza mayi akunyumba ankafuna chipinda chathu cha m'mwamba chikule kuposa cha pansi pake. Iye anakana, nati khoma la njerwa likaima pakati pa silabu yopanda mtanda pansi pake, silabuyo imawerama pang'onopang'ono mpaka khomalo kung'aluka.

Anandiwerengera pamaso panga, ndipo masamu ake ndi amene anandichotsa mantha. Silabu ya masentimita 12 imalemera pafupifupi makilogalamu 300 pa sikweya mita. Mukawonjezera matailosi, anthu ndi katundu, mumafika cha m'ma 600. Khoma la pakati, limene limalandira silabu mbali zonse ziwiri, limasenza choncho matani oposa 2 pa mita iliyonse ya kutalika kwake. Muikepo khoma la m'mwamba, denga la malata ndi kulemera kwa khoma la pansilo, zonse pamodzi zimafika pafupifupi matani 5 pa mita. Njerwa yopsa bwino katundu ameneyu siimumva n'komwe, chifukwa wagawidwa m'khoma lonse, monga anthu ambiri akamanyamula denga la nkhokwe aliyense atagwira pake. Koma mukachotsa khomalo n'kuika mizati yotalikirana mamita 4, katundu yense wa mamita anayiwo, pafupifupi matani 20, amatsikira pamzati umodzi ndi maziko ake. Mzati umenewo ukakhala ndi konkire yosakanizidwa mwachinyengo, palibe china choupulumutsa.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi amene amati mizati ndiyo chitetezo nthawi zonse. Ndaona nyumba zambiri kuno ndi mumsewu wopita ku Calomue zokhala ndi timizati ta masentimita 15, zitsulo za mamilimita 8, konkire yake yosakanizira pansi ndi fosholo, madzi ochuluka kuti izitsika msanga m'matabwa. Pakati pake amadzaza ndi mabuloko amene thumba limodzi la simenti latulutsa ochuluka kwambiri, oti mukakanda ndi chala amayoyoka. Pamenepo mzati sukukwanira kusenza, khomanso silikukwanira. Mwiniwake amagona mtima uli m'malo chifukwa waona mizati, pomwe nyumba yakeyo ndi yofooka kuposa njira zonse ziwiri zija.

Musaganize kuti yanga ilibe chitsulo. Dera lathu lili pafupi ndi chigwa cha Nyanja ya Malawi, kumene nthaka imagwedezeka. Akuluakulu amakumbukira chivomerezi cha ku Salima cha 1989, ndipo cha ku Karonga mu 2009 chinagwetsa nyumba zambiri za njerwa. Khoma la njerwa zokha limapirira katundu wotsika, koma likakankhidwa cham'mbali limatseguka m'makona. N'chifukwa chake pakona iliyonse ndi paliponse pamene makoma akumana tinaikapo kamzati ka zitsulo 4 za mamilimita 10, ndipo lamba wa konkire anazungulira nyumba yonse pansi pa silabu, wina pansi pa denga. Kusiyana kwake ndi nyumba ya mizati kuli pa chimene chimayamba. Ife tinkayamba kumanga khoma, n'kusiya m'mphepete mwake muli manomano, kenako n'kuthira konkire kuti ilowe m'manomo n'kuluma njerwa. Timizati timeneti ntchito yake ndi kumanga makoma pamodzi. Wosenza ndi khoma.

Ndalama zinapulumukira pa zitsulo, matabwa ndi miyala yoswa, zinthu zimene kuno zimachokera kutali ndipo mtengo wa galimoto umaziwonjezera. Njerwa ndinagula pafupi. Koma njerwazo zinandidyera nthawi kuposa china chilichonse, chifukwa khoma la masentimita 23 limadya njerwa zoposa 100 pa sikweya mita, ndipo mu uvuni umodzi si zonse zimene zimapsa mofanana. Za m'mphepete mwa uvuni zimatuluka zotumbuluka ndi zofewa. Tinkagundanitsa ziwiri: zikalira ngati chitsulo, zikwere ngolo, zikamveka phuphuphu, zitsale. Zina tinkaziviika m'madzi tsiku lathunthu titaziyeza pasikelo, ndipo imene yawonjezera kulemera ndi zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake koyamba inkatiuza kuti mulu umenewo si wa khoma la pansi. Zofewazo zinapita ku mpanda. Matope omangira anali simenti ndi mchenga wa kumtsinje, muyezo umodzi wa simenti pa isanu ya mchenga. Yosanja siimangidwa ndi dothi, ngakhale wina akuuzeni kuti pulasitala adzaphimba.

Tsopano za ming'alu, popeza ndikudziwa kuti ndi zimene mukufuna kumva. Ilipo iwiri. Woyamba unaoneka dzuwa la Okutobala litafika pachimake, wopyapyala ngati tsitsi, wogona chopingasa kunja kwa khoma la kumadzulo, pamene silabu imakumana ndi njerwa. Konkire imanyala ikamauma, imafutukukanso ikatenthedwa, ndipo siyenda mofanana ndi njerwa, choncho pulasitala amang'ambika pamzere umenewo. Wachiwiri ndi waufupi, wochoka pakona ya pansi ya windo la pabalaza. Injiniya anandiuza kuti ndimate kachidutswa ka galasi kopyapyala modutsa mng'alu uliwonse, ndilembe tsiku pambali, ndidikire. Mvula yonse yatha magalasiwo ali osasweka, kutanthauza kuti ming'aluyo yaima. Ndinaimata n'kupaka penti.

Mng'alu woopsa pa nyumba ngati yanga ndi wina. Umatsata mizere ya njerwa ngati masitepe, umakula mbali imodzi kuposa inayo, umaoneka mkati ndi kunja komwe, ndipo zitseko zapafupi zimayamba kuvuta kutseka. Umenewo umanena kuti maziko akutsika mbali imodzi. Sindinauone, ndipo ndikuthokoza dothi. Malo anga ali pamtunda, pa katondo wolimba, ndipo tinakumba mpaka pafupifupi mita imodzi, maziko ake otambalala masentimita 70. Nditaona mmene madzi a padenga amakumbira pansi, ndinazunguliza nyumba ndi kakhonde ka simenti ndi ngalande kuti asamalowe m'maziko. M'munsi mwa khoma la kubafa munatuluka zoyera ngati mchere m'miyezi yoyamba. Zinachoka ndi burashi youma ndipo sizinabwerere, chifukwa pepala lakuda loletsa chinyezi linaikidwa bwino pamwamba pa maziko.

Alamu anga anamanga yawo nthawi yomweyo, ya mizati ndi mitanda ya konkire, pansi pake sitolo ya zipangizo za ulimi. Iwo sakanachitira mwina, chifukwa ankafuna chipinda chimodzi chachikulu chopanda khoma pakati ndi chitseko chotakata cha kumsewu. Yawo ili ndi ming'alu yambiri kuposa yanga, yotsata m'mphepete mwa mizati ndi pansi pa mitanda, pamene buloko imakumana ndi konkire. Imaoneka moipa koma si yoopsa, poti makoma amenewo sasenza kanthu. Chimene chinawadetsa nkhawa ndi mizati iwiri imene atachotsa matabwa inapezeka ndi mabowomabowo m'munsi, zitsulo zili pamtunda. Konkire inali isanagwedezedwe mokwanira. Anachita kugoba n'kuthiranso injiniya ali pomwepo, chifukwa chitsulo chopanda konkire yochiphimba ya masentimita 2.5 kapena kuposa chimachita dzimbiri, chimatupa, n'kuswa mzatiwo kuchokera mkati.

Chimene ndimawasirira n'chakuti chaka chino agumula khoma limodzi la m'mwamba n'kusandutsa zipinda ziwiri kukhala chimodzi, ntchito ya masiku ochepa. Ife tinafuna kuphatikiza pabalaza ndi podyera, ndipo yankho linali lakuti khoma limenelo ndi lija la matani 5 pa mita. Kulichotsa kumafuna kuchirikiza silabu mbali zonse ziwiri, kulowetsa mtanda wachitsulo kapena wa konkire, kumanga mizati iwiri yatsopano ndi kukumba maziko ake mkati mwa nyumba momwe tikukhalamo. Tinasiya. Ngakhale zazing'ono zimafuna kusamala. Wamagetsi atabwera kudzawonjezera masoketi anafuna kugoba mzere wopingasa kuchokera kukona mpaka kukona, ndinamuletsa, chifukwa mzere wotero umachepetsa khoma pamene lasenza. Anatsitsa mapaipi ake choimirira kuchokera m'mwamba. Nsanja yachitatu ndiye sindiiganizira n'komwe, maziko sanawerengeredwe zimenezo.

Chabwino chimene sindinkachiyembekezera ndi kufunda. Mukudziwa mmene Juni ndi Julaye amazizirira kuno ku Angonia. Makoma onenepawa amasunga kutentha kwa masana mpaka usiku, ndipo phokoso la pabalaza silifika kwenikweni m'zipinda zoyandikana nazo. Kwa alamu, kumene makoma ndi a mabuloko a masentimita 15, m'mwamba mumazizira msanga dzuwa likangolowa.

Za malo anu a ku Domwe, paja munati ali chakumunsi kufupi ndi dimba. Musanasankhe chilichonse kumbani maenje awiri kapena atatu ozama mita ndi theka, makamaka kumapeto kwa dzinja madzi a pansi ali pamwamba. Mukapeza dothi lakuda la makande, lija limang'aluka m'chilimwe n'kutupa m'dzinja, kapena madzi akayamba kusonkhana m'dzenjemo, makoma osenza okha pa maziko wamba adzakusautsani, ndipo mizati nayonso siidzakupulumutsani popanda maziko owerengeredwa dothi limenelo. Pamenepo injiniya ayambe waona maenjewo ndi maso ake. Dothi likakhala labwino, jambulani pulani ya pansi ndi ya m'mwamba pa mapepala awiri opyapyala, muwasanjike, muwayang'ane padzuwa. Ngati makoma akugwerana ndipo palibe chipinda chopitirira mamita 4 m'lifupi, njira yanga ikukwanirani. Ngati m'maganizo mwanu muli sitolo, malo osungira mbatata ndi chimanga, kapena galaja pansipo, ngakhale mukuti ndi za m'tsogolo, muuzeni injiniya lero kuti awerengere mizati, ndipo tsiku lothira konkire mukhalepo nokha kuwerenga matumba a simenti.