Kabuthu ndi khazanga: nthochi zonse, koma kadyedwe n'kosiyana

Pamsika wa Bvumbwe, phava la kabuthu ndi la khazanga amatha kuwayala pathumba limodzi. Zonsezi ndi nthochi za banja limodzi, koma zimasiyana pa kapsedwe.

Kabuthu kapena sukari akachita chikasu, ufa wa m'kati mwake umakhala utasanduka shuga pafupifupi wonse. Mumangosenda ndi zala n'kudya.

Khazanga ndi wamtali, wakhungu lochindikala losendedwa ndi mpeni, ndipo amachedwa kutsekemera. Ngakhale atachita chikasu, m'kati amakhalabe wolimba ndi waufa. Apa m'pamene ambiri amanamizika.

Kodi khazanga angadyedwe wosaphika? Alibe poizoni. Koma wobiriwira amamata m'kamwa chifukwa cha utomoni, ndipo ufa wake wosaphika sugayika bwino, umatupitsa mimba ndi mpweya. Dikirani khungu lide pafupifupi lonse, chala chizilowa mukasindikiza. Pamenepo amadyeka, ngakhale kuti wokazinga amakomabe kuposa.

Wobiriwirayo ngwa mumphika. Pakani mafuta ophikira m'manja kuti utomoni usakakamire, ng'ambani khungu m'litali, muponye zosendazo m'madzi amchere zisade. Wiritsani mphindi 20 mpaka 30, mpaka foloko ilowe mosavuta. Pakati pakatsala polimba, sanapse.